Ndalama za ku Joni: mafunso ndi mayankho a momwe zimafikira pakhomo

Mafunso awa ndi amene amamveka kawirikawiri pamizere yolandirira ndalama pa Chitakale, pa Limbuli, pa Luchenza ndi pa Thyolo boma. Takamba kwambiri za ku Joni chifukwa ambiri mwa ana athu ali kumeneko, komabe kayendedwe kake n'kofanana ngakhale ndalamazo zichokere ku Ulaya kapena ku Amereka.

Kodi tikamati ndalama zotumizidwa kuchokera kunja tikunena ndalama ziti?

Ndi ndalama zimene munthu amene akugwira ntchito m'dziko lina amapatula pa malipiro ake n'kutumiza kwa abale kumudzi. A banki ndi a boma amazitcha remitansi. Si ngongole, si malipiro a katundu amene mwagulitsa, komanso si thandizo la mabungwe. Mwana wanu amene akugwira ntchito m'munda wa mphesa ku Cape Town akakutumizirani ya feteleza mu Okutobala, kapena ya fizi mu Seputembala, ndi zimenezo.

Si zachilendo kuno. Agogo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba sankalandira malipiro onse kumgodi: gawo lina linkasungidwa, n'kudzalilandira atabwerera kuno kwathu. Kusiyana kwake n'koti masiku ano munthu amasankha yekha kuchuluka kwake, tsiku lotumiza ndi njira yake, ndipo mavuto ambiri amayambira pa kusankhako.

Kodi marandi amene mwana wanga wapereka ku Joni ndi omwewo amene amafika kuno?

Ayi. Marandiwo sawoloka malire tsiku limenelo. Chimene chimayenda ndi uthenga.

Kampani yotumiza ndalama imakhala ndi thumba mbali ziwiri. Ku South Africa ili ndi akaunti ya marandi, kuno ku Malawi ili ndi makwacha amene inaikiratu kubanki, m'misasa yake ndi kwa maejenti. Mwana wanu akapereka marandi kumeneko, makina a kampani amalemba kuti wakutiwakuti wa ku Mulanje apatsidwe makwacha akutiakuti, ndipo inu mumalandira kuchokera m'thumba la kuno. N'chifukwa chake ndalama zimatha kufika pasanathe ola, pamene basi yochokera ku Johannesburg, yodzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, imagona panjira.

Pambuyo pake kampaniyo imasonkhanitsa marandi a anthu ambirimbiri, n'kusamutsa ndalama yakunjayo kamodzi kudzera m'mabanki, kuigulitsa kuno kuti idzazenso thumba la makwacha. Apa m'pamene dziko limapezerapo ndalama zakunja zogulira mafuta, mankhwala ndi feteleza. Mukamvetsa zimenezi, mayankho ambiri ali m'munsimu savuta. Popeza chimene chayenda ndi uthenga, uthengawo uyenera kukhala wolondola: dzina, nambala ya foni ndi nambala ya oda. Chimodzi chikalakwika, makwacha alipo ndithu koma palibe amene angakupatseni.

Nanga wotumiza amachita chiyani kumeneko?

Poyamba amalembetsa ku kampani yovomerezeka. Zodziwika kwa Amalawi a ku Joni ndi monga Mukuru, Hello Paisa ndi Mama Money, pamene amene ali ku Ulaya ndi ku Amereka amakonda WorldRemit, Western Union kapena MoneyGram. Kulembetsa kumachitika kamodzi: amaonetsa pasipoti kapena chiphaso, amajambulidwa, n'kupereka nambala yake ya foni.

Akafuna kutumiza, amapanga oda pa foni. Amalemba dzina la wolandira, nambala yake, kuchuluka kwa ndalama ndi njira yolandirira. Foni imamuonetsa zinthu zitatu: marandi amene alipire, chindapusa cha kampani, ndi makwacha amene adzafike kuno. Akavomera, amalandira nambala ya oda. Kenako amapita kukalipira marandiwo pa tilu ya sitolo imene imagwirizana ndi kampaniyo, monga Shoprite, Pick n Pay kapena PEP, kapenanso kulipira kuchokera ku akaunti yake ya kubanki.

Apa tizimvetsana bwino. Kupanga oda si kutumiza. Oda yosalipiridwa ndi lonjezo chabe, ndipo ikakhalitsa imafa yokha. Makangano ambiri a m'mabanja amachokera pamenepa: wa ku Joni wapanga oda Lachisanu usiku, waimba foni kuti "ndatumiza", koma kusitolo adzapita Loweruka masana, pamene mayi ake alawira kale pa kabaza kupita pa Chitakale.

Ine wolandira ndinyamule chiyani?

Ngati mukukalandira pamanja, tengani chiphaso cha unzika chenicheni, osati fotokope, nambala ya oda, ndi foni imene yalandira meseji. Dziwaninso dzina lonse la wotumiza ndi kuchuluka kwa makwacha amene mukuyembekezera, chifukwa angathe kukufunsani. Mukalandira, werengani ndalamazo musanachoke pawindo, muyerekeze ndi zimene zalembedwa pa lisiti, ndipo lisitilo mulisunge.

Polandira pamanja simuyenera kulipira kalikonse. Chindapusa analipira kale wotumiza. Wina akakuuzani kuti musiyepo "ya fanta" kuti ndalama zituluke, akukudyerani masuku pamutu.

Akuti dzina langa silikugwirizana. Ine ndi yemweyo, bwanji akukana?

Chifukwa wapawindo sakudziwani, amadziwa zimene zili pa kompyuta ndi zimene zili pa chiphaso. Malamulo oletsa kuzembetsa ndalama, a kuno ndi a ku South Africa omwe, amamukakamiza kupereka ndalama kwa munthu yekhayo amene walembedwa. Akapereka kwa wina, abweza za m'thumba mwake.

Kwathu kuno vutoli ndi lalikulu chifukwa munthu mmodzi amakhala ndi mayina angapo: la ubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, ndipo mayi amadziwikanso ndi dzina la amuna awo pamene pa chiphaso pali la bambo awo owabereka. Mwana amene anachoka kalekale amalemba dzina limene analizolowera kumudzi. Nthawi zina ndi kalembedwe chabe, pena L pena R, kapena dzina loyamba ndi lomaliza zasinthana malo.

Amene angakonze ndi wotumiza yekha. Iye ndiye aimbire kampani kapena asinthe pa foni yake, inu mudikire meseji yatsopano. Kukangana ndi wapawindo n'kutaya nthawi. Njira yopewera ndi yosavuta: jambulani chiphaso chanu, mumutumizire kamodzi, akopere dzina chilembo ndi chilembo. Ngati ndalama zikulowa pa foni, onetsetsaninso kuti simu khadiyo inalembetsedwa m'dzina lanu lomwelo, osati la mdzukulu amene anakugulirani.

Chabwino n'chiti: kulandira pamanja, pa foni kapena kubanki?

Zimatengera kumene mukukhala ndi chimene mukufuna kuchita ndi ndalamazo.

Pamanja mumalandira zonse osadulidwa, koma muyenera kufika pamene pali msasa kapena banki yogwirizana ndi kampaniyo. Kwa amene ali pafupi ndi Luchenza kapena Mulanje boma, palibe vuto. Kwa wa ku Thekerani kapena kumidzi ya kuseri kwa phiri, ulendo wopita ndi kubwera umadya ndalama ndi tsiku lathunthu, ndipo nyengo ya mvula misewu ina njinga yamoto imachita kukankhidwa.

Pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndalama zimakupezani muli kumunda. Choipa chake n'choti potapa kwa ejenti mumadulidwa, ndipo akaunti ya pa foni ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge ndi zimene mungatape pa tsiku. Ndalama ikakhala yaikulu kuposa malirewo imakanika kulowa. Koma ngati cholinga n'kulipira fizi, magetsi kapena kugula katundu m'sitolo imene imalandira pa foni, simufunika kutapa n'komwe.

Kubanki n'koyenera ndalama zikuluzikulu, za malata, simenti kapena kugula malo, chifukwa pamatsala umboni wolembedwa ndipo simuyenda ndi chikwama chodzaza ndi ma K5,000 m'minibasi. Kumachedwerapo, makamaka ngati atumiza madzulo, kumapeto kwa sabata kapena pa holide.

Ife tikuona kuti ya mwezi ndi mwezi, ya ndiwo ndi sopo, ndi bwino izilowa pa foni, pamene ya chitukuko izidzera kubanki.

Anati watumiza R2,000. Bwanji zimene ndalandira zikuoneka zochepa?

Panjira pali malo atatu pamene ndalama imatsalira, ndipo anthu ambiri amaona amodzi okha.

Oyamba ndi chindapusa, chimene chimalembedwa poyera. Achiwiri ndi reti, kutanthauza makwacha amene kampani ikupereka pa randi imodzi. Kampani iliyonse imaika reti yake, ndipo kusiyana kwa pakati pa mtengo umene iyo yagulitsira ndalama yakunja ndi umene yakupatsani ndi phindu lake lobisika. Achitatu ndi zimene inu mumawononga kuti ndalamayo ifike m'manja: kudulidwa potapa ndi thiransipoti.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke, si mitengo ya lero. Achimwene anu ali ndi R2,000 yokha, chindapusa chichoke momwemo. Kampani yoyamba ikudula R100, reti yake ndi K100 pa randi. Zotsala ndi R1,900, ndiye kuno kufika K190,000. Kampani yachiwiri ikudula R40 yokha, ndipo ikulengeza kuti ndi yotchipa, koma reti yake ndi K94. Zotsala ndi R1,960, kuchulukitsa ndi 94, kufika K184,240. Ya chindapusa chochepa ija yapereka ndalama zochepa ndi K5,760.

Sizinathere pomwepo. Tinene kuti kampani yoyamba imapereka pamanja pokha, ndipo mayi anu ayenera kulipira K8,000 kupita ndi kubwera pa njinga yamoto. Atsala ndi K182,000. Yachiwiri ikulowetsa pa foni, ejenti ali pa msika wapafupi woyenda pansi, ndipo potapa adulidwa K3,000. Atsala ndi K181,240. Tsopano njira ziwirizi zangotsala pang'ono kufanana, ndipo yachiwiri yawapulumutsira tsiku lolima.

Choncho funso lofunsa wotumiza si lakuti "akudula zingati?" koma lakuti "pa marandi onse amene utulutse, kuno kufika makwacha angati?" Nambala imeneyo imaoneka pa foni asanavomere oda, ndipo atha kuiyerekeza pa makampani awiri kapena atatu asanalipire.

Kudandaula kuti njirazi n'zodula sikulakwa. Pa dziko lonse, kutumiza ndalama kumadya pafupifupi 6 peresenti, ndipo kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kumaposa pamenepo. Mayiko a bungwe la United Nations anagwirizana kuti pofika 2030 mtengowu utsike kufika pansi pa 3 peresenti. Chinanso, makampani ambiri amadula mopweteka pa ndalama zing'onozing'ono, kotero kutumiza R250 kanayi nthawi zambiri kumadula kuposa kutumiza R1,000 kamodzi.

Mwezi watha anatumiza marandi omwewa koma makwacha anali ena. Wandibera ndani?

Mwina palibe. Reti imasintha chifukwa randi imakwera ndi kutsika poyerekeza ndi dola tsiku ndi tsiku, ndipo kwacha nayo imagwa. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankalandira za kunja anaona makwacha achuluka mwadzidzidzi, koma chisangalalo sichinakhalitse chifukwa feteleza, shuga ndi thiransipoti zinakwera m'masabata otsatira.

Kawirikawiri reti imene imagwira ntchito ndi imene inaoneka popanga oda, bola ilipiridwe nthawi yake isanathe. Ndalama ikalipiridwa, makwacha anu akhazikika. Kuchedwa kukatenga sikuwonjezera kanthu.

Ejenti akuti alibe ndalama. Ndiye kuti zanga zasowa?

Sizinasowe. Zili pa foni panu. Ejenti ndi wamalonda wamba amene amagwira ntchito ndi ndalama zake: mukatapa, iye amakupatsani ndalama za pamanja, inu mumamupatsa za pa foni. Anthu ambiri akatapa tsiku limodzi, za pamanja zimamuthera mpaka atapita kubanki kapena wina atabwera kudzaika. Izi zimachitika kwambiri kumapeto kwa mwezi, pamene a ku Joni alandira malipiro n'kutumiza onse nthawi imodzi, komanso masiku a msika.

Pitani m'mawa, kapena kwa ejenti amene ali ndi golosale yoyenda bwino. Chenjerani ndi amene amati mutape pang'onopang'ono kangapo pamene ndalama ali nazo: kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake, ndipo amene akupindula si inu.

Wotumiza akuti zapita koma kuno kulibe meseji. Tiyambire pati?

Yambirani kwa wotumiza: kodi ali ndi lisiti la kusitolo kapena meseji yoti oda yalipiridwa? Ngati alibe, onani funso la zimene wotumiza amachita.

Ngati analipira, onani balansi nokha m'malo modikira meseji, chifukwa meseji imatha kuchedwa kapena kukanika foni ikadzaza. Pa Airtel Money imbani *211#, pa TNM Mpamba imbani *444#. Kwa amene muli kufupi ndi Muloza, onetsetsani kuti foni sinakoke netiweki ya ku Mozambique.

Balansi ikakhala yosasintha, wotumiza awerengenso nambala imene analemba, manambala onse mmodzimmodzi. Ikakhala yolondola, zotsala ndi zitatu: ndalama yaposa malire a akaunti yanu, dzina la pa simu khadi lasiyana ndi la pa oda, kapena kampani yaimitsa odayo kuti ifunse wotumiza mafunso. Kuimitsaku kumachitika munthu akatumiza zambiri kuposa masiku onse kapena akafika pa malire a mwezi. Zonsezi amene angazilondole ndi wotumiza, ali ndi nambala ya oda m'manja. Kampani simakambirana zambiri ndi wolandira, popeza kasitomala wake ndi amene analipira.

Bwanji osangopatsira dalaivala wa basi kapena transipota?

Ambiri amatero, makamaka akamatumiza ndalama pamodzi ndi katundu. Pali matransipota okhulupirika amene atumikira midzi yathu zaka zambiri. Koma njira imeneyi ndi yokhayo pamene ndalama imayendadi pamsewu, imadutsa malire atatu, ndipo ikasowa mulibe lisiti, mulibe kokadandaula. Marandiwo akafika muyenera kuwasinthanso, ndipo wosintha wapamsewu akaona kuti mwapanikizika ndi maliro kapena matenda amakupatsani reti imene wafuna.

Nanga amene amalandira marandi ku Joni, mnzawo n'kutipatsa makwacha kuno pa reti yokwera?

Amenewa amachita zofanana ndi zimene tafotokoza pa funso lachiwiri, koma popanda chilolezo. Kawirikawiri ndi wamalonda wa ku Limbe kapena ku Blantyre amene akufuna marandi okaodera katundu ndipo kubanki sakuwapeza. Amalola kupereka makwacha ochuluka chifukwa ndalama yakunja ikusowa, ndipo mtengowo adzaubweza pa katundu amene adzatigulitse ife tomwe.

Sitinama, kusiyana kwa reti kumakhala kwakukulu ndipo n'chifukwa chake anthu amakopeka. Koma dziwani zinthu ziwiri. Malamulo a dziko lino amalola mabanki ndi malo okhawo amene ali ndi chilolezo cha Reserve Bank kugula ndi kugulitsa ndalama zakunja. Chachiwiri, zonse zimadalira mawu a munthu. Zimayenda bwino miyezi ingapo pa ndalama zing'onozing'ono, kenako tsiku limene mwana wapereka ya nyumba yonse, foni ija siipezekanso. Popeza malondawo anali osaloledwa, ambiri amaopa ngakhale kupita kupolisi.

Mwana wanga masiku ake okhalira ku Joni anatha. Angathe kutumiza pa njira yovomerezeka?

Makampani amakhala ndi magawo a makasitomala. Gawo loyamba limafuna chiphaso kapena pasipoti ya kwanu, ndipo limalola ndalama zochepa pa mwezi. Kuti malirewo akwere, amafuna umboni wa kumene munthu akukhala ndi kumene amapeza ndalama. Ayambe wafunsa kampaniyo zimene imalandira asanathamangire njira zamseri.

Chimene asachite n'kutumiza kudzera m'dzina la mnzake. Ndalama ikavuta panjira, mwini wake pamaso pa kampani ndi mnzakeyo, ndipo akasamuka kapena akakangana, palibe cholondolera.

Ndalandira meseji yoti ndalama zalowa, kenako wina waimba kuti analakwitsa nambala ndimubwezere. Nditani?

Musabweze kanthu musanaone balansi nokha. Akuba amalemba meseji yofanana ndi ya kampani, koma mukayang'anitsitsa imachokera pa nambala ya foni wamba. Balansi ikakhala yosasintha, palibe chimene chalowa. Ikakhala kuti yakweradi, uzani woimbayo kuti adandaule ku kampani ya foni, ndiyo imabweza ndalama zolakwika.

Ena amaimba ngati mnzake wa mwana wanu: "Mayi, mwana wanu wamangidwa pa Beitbridge, tumizani ndalama pa nambala iyi msanga." Ena amati kuli katundu wanu pa Mwanza wofunika msonkho. Onse amadalira changu ndi mantha. Dulani foni, muimbire mwanayo pa nambala imene mumaidziwa, kapena m'bale wina amene ali naye pafupi. Pini yanu musauze munthu, ngakhale ejenti, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Nambala ya oda nayo musamaiwerenge mokweza pamzere.

Pakhomo tilipo ambiri. Ndalama zizifikira kwa ndani?

Kampani ilibe nazo ntchito zimenezi, koma funsoli limabwera kuposa ena onse. Kuno kwathu kwa chikamwini, bambo amene ali ku Joni amakhala ndi makomo awiri omuyang'ana: kwa mkazi wake kumene kuli ana, ndi kwa mayi ake kumene kuli alongo ndi ana awo. Akatumiza zonse kwa munthu mmodzi kuti agawe, wogawayo ndiye amasanduka mdani, ngakhale atagawa mwachilungamo.

Palibe choletsa kulembetsa olandira awiri kapena atatu. Chindapusa chimakwererapo, monga tanenera pa funso la R2,000, koma aliyense amalandira meseji yake ndipo amadziwa zimene zatumizidwa. Ngati agogo alibe foni kapena sadziwa kuwerenga, ndi bwino ndalama zizibwera m'dzina lawo kuti azikalandira pamanja ndi chiphaso chawo, mdzukulu azingowaperekeza. Ya fizi ingathe kupita molunjika ku akaunti ya sukulu, dzina la mwana ndi kalasi yake zitalembedwa, ngati kampaniyo ikulola kutumiza ku akaunti yotere.

Wotumiza walakwitsa nambala ndipo ndalama zalowa pa foni ya munthu wina. Zingabwerere?

Zimatengera changu. Ngati inali yolandira pamanja ndipo sinatengedwe, wotumiza atha kusintha dzina kapena kuimitsa odayo n'kubwezeredwa, ngakhale chindapusa mwina sichingabwerere. Ngati yalowa pa foni ya munthu wina, aimbire kampani nthawi yomweyo, apereke nambala ya oda, nambala yolakwikayo ndi yolondola. Kampani imapempha a foni kuno kuti agwire ndalamazo. Zikapezeka zikadali mu akaunti, mwayi ulipo. Zikakhala kuti mwini foniyo watapa kale, nkhaniyo imasanduka ya kupolisi, ndipo lisiti ndi mameseji aja ndiwo umboni umene adzafune. Potumiza koyamba ku nambala yatsopano, yambani ndi ndalama yochepa, wolandira atsimikize kuti yafika, kenako mutumize yotsalayo.